Zaka za Ufumu ndi Zaka za Kalendala: Mawerengedwe a Mafumu a ku Mangalande

Mabuku a mbiri yakale amene ali m'masukulu amalemba dzina la mfumu pamodzi ndi ziwerengero ziwiri, monga George VI, 1936–1952, ndipo ana amaziloweza pamtima monga ngati nkhani yathera pomwepo. Koma alembi a mafumu eni ace sanali kuwerenga motero. Kwa zaka mazana ambiri, makalata a mafumu a ku Mangalande, malamulo a dziko ndi zolembedwa za m'mabwalo a milandu kawiri-kawiri sizinali kuchula caka ca kalendala. Zinali kungonena kuti cakuti cinacitika tsiku lakuti, m'caka cakuti ca ufumu wa mfumu yakuti.

Mawerengedwe awiriwa sayenda pamodzi. Caka ca kalendala ciyamba pa 1 Januwale nicitha pa 31 Disembala, kaya pampando pali mfumu kapena palibe. Caka ca ufumu ciyamba tsiku limene mfumu inalowa ufumu, ndipo tsikulo lingathe kugwa mwezi uli wonse. Cifukwa cace caka cimodzi ca ufumu cimaponda m'zaka ziwiri za kalendala, ndipo munthu wofuna kucisandutsa ayenera kudziwa zinthu ziwiri: tsiku limene alembi anayambira kuwerenga, ndi tsiku la mwezi limene cinthuco cinacitika. Wosowa cimodzi ca izi angathe kuphonya ndi caka cathunthu, ndipo pena ndi zaka zoposa khumi.

Caka ca ufumu ndi mawerengedwe ace

Citsanzo capafupi ndico ca Mfumukazi Elizabeth II. Atate ace, George VI, anamwalira pa 6 Febuluwale 1952, iye ali paulendo ku Kenya, ndipo tsiku lomwelo ufumu unakhala wace. Caka cace coyamba cinayamba pa 6 Febuluwale 1952 nicitha pa 5 Febuluwale 1953. Caciwiri cinayamba m'mawa mwace, pa 6 Febuluwale 1953, nicitha pa 5 Febuluwale 1954. Cisoti caufumu anambveka pa 2 Juni 1953, ndipo anthu ambiri amayesa kuti ufumu wace unayamba tsiku la cikondwerero cija. Koma pamenepo anali atalowa kale m'caka cace caciwiri pafupi-fupi miyezi inai yapitayo.

Mawerengedwe awa afanana ndi zaka za kubadwa kwa mwana. Mwana wobadwa mwezi wa Ogasiti sakwanitsa caka pa Januwale pamene kalendala yatsopano ipacikidwa. Amacikwanitsa pa Ogasiti. Ndiponso mwana amene wakwanitsa zaka 6 ali kuyenda m'caka cace ca 7. Momwemonso mfumu imene ili m'caka ca 17 yakwanitsa zaka 16 zokha, ndipo ca 17 cikali m'kati. Apa ndipo pamene ambiri amapunthwa, popeza amatenga caka colowera ufumu naonjezapo 17 yense, osakumbukira kuti caka coyamba cinayamba palibe ndi tsiku limodzi lomwe lokwanira.

Njira yoongoka ili ndi mbali ziwiri. Poyamba munthu atenga caka ca kalendala cimene mfumu inalowera ufumu, aonjezapo ciwerengero ca caka ca ufumu, nacotsapo 1; cotsalaco ndico caka ca kalendala cimene caka ca ufumuco cinayambira. Kenaka ayang'ana tsiku la mwezi. Ngati tsikulo ligwa pakati pa tsiku lolowera ufumu ndi 31 Disembala, ciwerengero cimene wapeza ndico yankho. Koma ngati ligwa kuyambira pa 1 Januwale kufikira dzulo lace la tsiku lolowera ufumu, ayenera kuonjezapo caka cimodzi, pakuti kalendala yasintha koma caka ca mfumu sicinathe.

Pangakhale makalata awiri a caka cacitatu ca Elizabeth II, ina ya pa 20 Febuluwale ndi ina ya pa 20 Januwale. Masamu oyamba ndi amodzi-modzi: 1952 kuonjeza 3, kucotsa 1, yankho 1954. Kalata ya pa 20 Febuluwale ili pambuyo pa 6 Febuluwale, motero ndi ya 1954. Kalata ya pa 20 Januwale ili kumapeto kwa caka ca ufumuco, motero ndi ya 1955. Munthu wosadziwa akadaika ya Januwale patsogolo monga mwa ndondomeko ya miyezi, pamene inalembedwa itapita miyezi 11 cilembedwere inzace.

Cikalata ca Magna Carta

Cizolowezi colemba caka ca ufumu pa makalata a mfumu cinakhazikika ku Mangalande m'masiku a Richard I, amene analowa ufumu mu 1189, ndipo mng'ono wace John anacipeza cili m'nchito. Cikalata comveka koposa ca nthawi ya John ndico Magna Carta, pangano limene nduna zazikuru za dziko, zochedwa mabaroni, zinaumiriza mfumu kulibvomereza, kuti nayonso ikhale pansi pa lamulo. Mabuku onse amati cinaperekedwa mu 1215, koma ciwerengero cimeneci mulibe m'cikalataco. Kumapeto kwace mlembi anachula malo, ndilo dambo la Runnymede pakati pa Windsor ndi Staines. Anachula tsiku, ndilo 15 Juni. Nachulanso caka ca 17 ca ufumu wa mfumu. Caka ca 1215 acipeza ndi masamu.

Masamuwo afuna tsiku loyambira. Richard anamwalira ku Falansa pa 6 Epulo 1199, ndipo John anabvekedwa cisoti ku Westminster pa 27 Meyi 1199. M'masiku amenewo munthu sanali kuyesedwa mfumu yeni-yeni asanadzozedwe mafuta ndi kubvekedwa cisoti. Cifukwa cace masabata 7 a pakati pa maliro ndi kudzozedwa sanawerengedwe kwa Richard kapena kwa John, ndipo John anali kuchedwa mbuye wa Mangalande cabe, osati mfumu ai. Zaka zace ziyambira pa kubvekedwa cisoti. Tsono 1199 kuonjeza 17, kucotsa 1, yankho 1215: caka ca 17 cinayamba kumapeto kwa Meyi 1215. Tsiku la 15 Juni ligwa pambuyo pace, Disembala asanathe, motero palibe coonjezapo. Cikalata ndi ca 1215, ndipo cinaperekedwa caka ca 17 cisanakwanitse masabata atatu.

Munthu woiwala kucotsa 1 apeza 1216, ndipo colakwa cace cingadziwike poyesa yankho lace ndi zina zodziwika. Papa Innocent III anakana cikalataco nacilengeza copanda mphamvu mu Ogasiti 1215; sakadatha kukana cinthu cimene cinali cisanalembedwe. Ndiponso mu Juni 1216 kunalibe mpata wa kupangana, popeza nkhondo inali itabuka kale, ndipo Louis, mwana wa mfumu ya ku Falansa, amene mabaroni anamuitana, anali atalowa mu London. Umo ndimo akatswiri a mbiri amayesera masamu ao: yankho liyenera kugwirizana ndi malo amene anthu anali, ndi zimene zinatsogola ndi kutsata.

Zaka zotalika ndi zofupika za Mfumu John

Pa zaka za John pali cobvuta cina cimene mafumu ena analibe. Tsiku la 27 Meyi 1199 linali Tsiku la Kukwera Kumwamba, limene ligwa Lacinai, pa tsiku la 40 kuwerengera pa Pasaka. Alembi a John sanagwire tsiku la mwezi. Anagwira cikondwereroco, nayamba caka catsopano ca ufumu pa Tsiku la Kukwera Kumwamba caka ndi caka. Koma Pasaka amayenda-yenda, pena agwa m'Marichi, pena m'Epulo, ndipo Kukwera Kumwamba kumayenda naye. Zotsatira zace n'zakuti zaka za John sizinali zolingana utali.

Zaka ziwiri zoyandikana ndi Magna Carta zionetsa bwino kabvutidwe kace. Mu 1214 Kukwera Kumwamba kunagwa pa 8 Meyi, mu 1215 pa 28 Meyi, ndi mu 1216 pa 19 Meyi. Motero caka ca 16 cinayamba pa 8 Meyi 1214 nicitha pa 27 Meyi 1215, cili ndi masiku 385. Caka ca 17 cinayamba pa 28 Meyi 1215 nicitha pa 18 Meyi 1216, cili ndi masiku 357 okha.

M'caka cotalika cija masiku a kuyambira pa 8 kufikira pa 27 Meyi apezekamo kawiri, poyamba pace ndi pomaliza pace. Kalata ya pa 17 Meyi m'caka ca 16 ingakhale ya 1214 kapena ya 1215, ndipo masamu okha sangathe kulekanitsa. Kusiyanako sikocepa, pakuti pa 17 Meyi 1215 ndi pamene mabaroni analanda London, cinthu cimene cinafooketsa mfumu nicitsegula njira ya ku Runnymede. Pothandiza pace mpakuti alembi anali kuchulanso malo amene mfumu inali popereka kalata. Mu Meyi 1214 John anali ku nkhondo kutsidya kwa nyanja, ku Falansa, kumene anapita mu Febuluwale nabwerako mu Okutobala; mu Meyi 1215 anali kwao ku Mangalande. Kalata ya mfumu mwini yochula mudzi wa ku Falansa ndi ya 1214, ndipo yochula mudzi wa ku Mangalande ndi ya 1215.

M'caka cofupika zinthu zitembenuka. Masiku a kuyambira pa 19 kufikira pa 27 Meyi mulibe konse m'caka ca 17, popeza a 1215 anagwera m'caka ca 16, ndipo a 1216 anagwera m'caka ca 18. Munthu akaona cikalata conena za 22 Meyi m'caka ca 17 ca John, adziwe kuti mlembi kapena wokopera analakwa, kapena kuti cikalataco ncopeka. John anamwalira mu Okutobala 1216, m'caka cace ca 18, ndipo mwana wace Henry III, amene anabvekedwa cisoti pa 28 Okutobala, anabwerera ku mawerengedwe a tsiku lokhazikika la mwezi.

Tsiku loyambira amacita kulisankha

Nkhani ya John ionetsa kuti tsiku loyambira kuwerenga silidzera lokha. Pali anthu amene amalisankha, monga mwa maganizo a nthawi yao pa za ufumu. Maganizowo anasintha mu 1272. Henry III anamwalira pa 16 Novembala caka cimeneco, mwana wace Edward ali kutali, pa ulendo wobwerera kucokera ku nkhondo ya ku Dziko Loyera. Akuru a dziko anaona kuti sikungatheke kukhala opanda mfumu kufikira iye atafika, pakuti mabwalo a milandu ndi mtendere wa dziko zinali kuyenda m'dzina la mfumu. Tsono pa 20 Novembala, tsiku la kuika maliro, analumbira kumvera Edward, ndipo zaka zace zinayambira pomwepo. Iye anafika ku Mangalande mu Ogasiti 1274 nabvekedwa cisoti pa 19 Ogasiti, caka cace caciwiri cili pafupi kutha. Cikhala alembi anatsata mwambo wakale, miyezi 21 ikadakhala yopanda caka colemba pa makalata.

Kuyambira pamenepo kubvekedwa cisoti sikunakhalenso ciyambi ca mawerengedwe. Edward I atamwalira pa 7 Julayi 1307, zaka za Edward II zinayamba m'mawa mwace, pa 8 Julayi. Ndipo m'mibadwo ya pambuyo tsiku lomwelo la imfa linakhala tsiku loyamba la wolowa m'malo, monga zinacitikira mu 1952. Motero munthu wowerenga zaka za mfumu ya kale Edward I asanalowe afunse tsiku la cisoti, koma wowerenga za mafumu a pambuyo pace afunse tsiku lolowera ufumu.

Kusankha kumene kunasiyanitsa ziwerengero koposa ndi kwa Charles II. Atate ace, Charles I, anagonja pa nkhondo ya pacibale, naweruzidwa, nadulidwa mutu pa 30 Januwale 1649. Kwa zaka 11 Mangalande inakhala yopanda mfumu pampando; inalamulidwa ndi Nyumba ya Malamulo ndi asilikari, ndipo kuyambira 1653 kufikira 1658 Oliver Cromwell ndiye anali mutu wa dziko. Mwana wa mfumu anakhala nthawi yaikuru ya zakazo m'maiko a eni. Anamuitana kuti abwerere mu 1660, nalowa mu London pa 29 Meyi. Koma alembi sanalembe caka cimeneco kuti coyamba. Analemba kuti ca 12, popeza lamulo linati iye anakhala mfumu kuyambira tsiku limene atate ace anaphedwa, ndi kuti olamulira a pakati aja analibe ulamuliro woyenera. Masamu abvomereza: 1649 kuonjeza 12, kucotsa 1, yankho 1660.

Cifukwa cace malamulo oyamba a ufumu wobwezedwawo ali ndi cizindikiro ca caka ca 12, ndipo munthu wofuna-funa malamulo a Nyumba ya Malamulo a caka coyamba kufikira ca 11 ca Charles II sangawapeze. Pamene anamwalira pa 6 Febuluwale 1685 anali m'tsiku la 8 la caka cace ca 37, cinkana analamulira dziko zaka 24 ndi miyezi 8 yokha. Buku lolemba 1649–1685 litsata lamulo. Buku lolemba 1660–1685 litsata zimene zinacitikadi. Onse awiri sanama, koma ayankha mafunso osiyana, ndipo mphunzitsi wolemba ziwerengerozi pa bolodi acita bwino kunena funso limene ali kuyankha.

Caka ca kalendala naco cinali ndi ciyambi cina

Munthu angayese kuti caka ca kalendala ndico muyeso wosagwedezeka woyesera zaka za mafumu, koma naconso cinali ndi zobvuta zace. Kufikira 1751 caka ca lamulo ku Mangalande cinali kuyamba pa 25 Marichi, osati pa 1 Januwale. Masiku a Januwale, a Febuluwale ndi a Marichi kufikira pa 24 anali kuwerengedwa monga mapeto a caka cakale. Cikalata colamula kuti Charles I aphedwe cili ndi caka ca 1648, cinkana mabuku a makono amati 1649. Ndi tsiku limodzi-modzi, koma lolembedwa ndi mawerengedwe awiri. Olemba mbiri ena amalemba 1648/9 pofuna kuonetsa zonse ziwiri. Lamulo la Nyumba ya Malamulo ndilo linasuntha ciyambi ca caka kuti kuyambira 1752 cidzikhala pa 1 Januwale.

Apa caka ca ufumu cisanduka cothandiza. Munthu akapeza cikalata cakale ca mwezi wa Januwale colembedwa 1648, sadziwa msanga ngati wolemba kapena wosindikiza anatsata mawerengedwe akale kapena atsopano. Koma cikachulanso caka ca mfumu, cikaiko citha. Charles I analowa ufumu pa 27 Marichi 1625, motero caka cace ca 24 cinayamba pa 27 Marichi 1648. Januwale wa caka ca 24 ali kutsogolo kwa Disembala, ndipo monga mwa njira ija aonjezapo 1: ndi Januwale 1649 pa mawerengedwe a lero. Cikadakhala cikalata ca Januwale 1648 weni-weni, cikadachula caka ca 23. Ici ndi cimodzi ca zifukwa zimene alembi anakondera caka ca ufumu: tsiku lolowera mfumu linali limodzi kwa onse, pamene ciyambi ca caka ca kalendala cinali kusiyana dziko ndi dziko.

Mfumu inalamulira zaka zingati

Funso limene ana amafunsidwa kawiri-kawiri ndi la utali wa ufumu, ndipo George VI ndi citsanzo coyenera, popeza masiku ace onse ngodziwika. Analowa ufumu pa 11 Disembala 1936, mkuru wace Edward VIII atatula pansi ufumu, namwalira pa 6 Febuluwale 1952. Mwana wocotsa 1936 pa 1952 apeza 16. Mwana wowerenga pa zala zaka zonse za kalendala zimene mfumuyo inakhalamo pampando, kuyambira 1936 kufikira 1952, apeza 17. Mlembi wa malamulo anena kuti anamwalira m'caka ca 16, cimene cinayamba pa 11 Disembala 1951. Koma nthawi yeni-yeni imene analamulira ndi zaka 15 ndi masiku 57. Mu 1936 anakhala mfumu masabata atatu okha, ndi mu 1952 masabata asanu, ndipo tizigawo timeneti nditi tikulitsa ciwerengero.

Caka ca 1936 comweco cionetsa mbali ina. George V anamwalira pa 20 Januwale m'caka cace ca 26. Edward VIII analamulira kuyambira tsikulo kufikira pa 11 Disembala, osakwanitsa caka cace coyamba ndiponso osabvekedwa cisoti. Ndipo George VI anamaliza caka. Caka cimodzi ca kalendala cinasenza zaka za ufumu zitatu za mafumu atatu. Munthu woonkhetsa zaka za mafumu otsatana, kutenga caka comaliza ca ali yense monga cathunthu, adzapeza zaka zocuruka kuposa zimene zinapitadi, ndipo colakwaco cikula pamene mndandanda wa mafumu utalika. Kwa George V, Edward VIII ndi George VI, 26 ndi 1 ndi 16 zipanga 43. Koma kucokera pa 6 Meyi 1910, pamene George V analowa, kufikira pa 6 Febuluwale 1952 panapita zaka 41 ndi miyezi 9.

Kutha kwa mwambo m'mabuku a malamulo

Mawerengedwe awa anafika ndi kuno ku Afirika kudzera m'malamulo a Nyumba ya Malamulo ya ku London. Lamulo lili lonse linali kudziwika ndi caka ca ufumu ca msonkhano umene unalipanga, ndipo popeza msonkhano unali kuyamba cakumapeto kwa caka ca kalendala ndi kupitirira miyezi yambiri, kawiri-kawiri unali kuponda m'zaka ziwiri za ufumu. Lamulo la mu 1953 limene linaloleza Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland lili ndi cizindikiro cakuti 1 & 2 Eliz. 2. Ziwerengero 1 ndi 2 zitanthauza caka coyamba ndi caciwiri, pakuti msonkhanowo unatsegulidwa mu Novembala 1952, m'caka coyamba, nupitirira kupyola pa 6 Febuluwale 1953. Ndipo 2 womaliza ndi wa dzina la Mfumukazi, Elizabeth waciwiri. Cizindikiroco cichula msonkhano wonse, osati tsiku la lamulo. Lamulo lomwelo linabvomerezedwa mu Julayi 1953, m'caka caciwiri.

Kuti zobvuta zotere zicepe, Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo mu 1962 lakuti kuyambira pa 1 Januwale 1963 malamulo atsopano adzichulidwa ndi caka ca kalendala. Cifukwa cace lamulo lopatsa Zambia ufulu lidziwika ndi caka ca 1964 cabe, pamene la Citaganya, lolitsogolera ndi zaka 11, lidziwika ndi zaka za ufumu. Malamulo akale anasunga zizindikiro zao, kotero kuti wowerenga mabuku a malamulo a nthawi ya Northern Rhodesia afunikabe kudziwa masamu aja.

Tsiku la ufulu, 24 Okutobala 1964, linagwa m'caka ca 13 ca Elizabeth II, ndipo pa tsikulo ulamuliro wace pa dzikoli unatha, popeza Zambia inakhala dziko lokhala ndi pulezidenti wace. Ku Mangalande mawerengedwe anapitirira kufikira pa 8 Sepitembala 2022, pamene anamwalira m'caka ca 71, atalamulira zaka 70 ndi miyezi 7. Ndipo caka coyamba ca mwana wace Charles III cinayamba tsiku lomwelo, cinkana cisoti anacibvala pa 6 Meyi 2023. Motero ciganizo conena nthawi imene mfumu inalamulira cikhala cokwanira cikachula tsiku loyambira, cifukwa cosankhira tsikulo, ndi dziko limene ulamulirowo unagwirapo. Ca Elizabeth II ku Mangalande ndi 6 Febuluwale 1952 kufikira 8 Sepitembala 2022; ca Elizabeth II ku Northern Rhodesia ndi 6 Febuluwale 1952 kufikira 24 Okutobala 1964.